Boma likacepetsa msonkho ndi ndalama zokongola, kodi anthu amagula zambiri?

Nthawi ya bajeti ikafika timamva lonjezo lakuti msonkho ukatsika, ndalama zidzatsala m'matumba, anthu adzagula katundu, ndipo malonda adzayenda. Koma pali akatswiri a zacuma amene amakana. Iwo akuti ngati Boma lacepetsa msonkho koma silinacepetse zimene limawononga, ndiye kuti lapita kukakongola, ndipo anthu ozindikira sadzagula kanthu koonjezera.

Ganizo limeneli analilemba David Ricardo wa ku Mangalande mu 1820, ndipo Robert Barro wa ku Amereka analiutsanso mu 1974. Tiyeni tiliwerengere bwino. Tinene kuti Boma lacotsera banja lina K1,000 pa msonkho wa caka cino, nkukongola K1,000 yomweyo pa ciwongoladzanja ca 10 peresenti. Caka camawa liyenera kubweza K1,100, ndipo kopezera kwake ndi kumsonkho komweko. Banja lodziwa zimenezi lidzasunga K1,000 ija kubanki pa 10 peresenti, kuti ikakwana K1,100 lilipire msonkho watsopano. Silinalemere. Msonkho sunafafanizidwe, angousunthira kutsogolo. Barro anaonjeza kuti ngakhale nkhongoleyo igwere ana, makolo okonda ana ao adzasunga kuti awasiyire colowa colipirira.

Masamu ake ndi oona. Funso ndi lakuti, kodi anthu amacitadi tero? Ife tikuona kuti ambiri satero, ndipo umboni ulipo.

Mu 2001 Boma la Amereka linacepetsa msonkho nkutumizira mabanja ambiri maceke, madola 300 kwa munthu wosakwatira ndi madola 600 kwa okwatirana. Macekewo sanapite tsiku limodzi. Anawatumiza kwa masabata khumi, kuyambira mu Julaye mpaka mu Seputembala, motsata manambala a anthu a m'kaundula wa Boma, osati motsata kulemera kapena kusauka. Izi zinapatsa ofufuza mwai wosowa: anatha kuyerekeza banja lomwe lalandira kale ndi banja lofanana nalo lomwe likali kuyembekeza. Cikanakhala kuti ganizo lija ndi loona, mabanja awiriwo akanagula mofanana.

Sizinatero. David Johnson, Jonathan Parker ndi Nicholas Souleles anapeza kuti pa madola 100 alionse, mabanja anawononga pakati pa 20 ndi 40 m'miyezi itatu imene analandiriramo ceke, pa zinthu zosakhalitsa monga cakudya ndi zovala. Powerengera ndi miyezi itatu yotsatira, zinafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Amene anawononga kwambiri ndi mabanja opeza zocepa ndi opanda ndalama zosunga.

Apa ndi pamene ganizo la Barro limathyokera. Limayesa kuti munthu aliyense angakongole kubanki mosavuta, pa ciwongoladzanja cofanana ndi ca Boma. Munthu wotere safunika kuyembekeza ceke kuti agule cimene akufuna. Koma ife alimi tikudziwa za munthu wogulitsa cimanga mu Meyi pa mtengo wotsika, akudziwa bwino lomwe kuti mu Januwale adzacigula modula. Si umbuli ai. Mwana akufuna za kusukulu lero, banki siimudziwa, ndipo wa kaloba amafuna phindu lodula khosi. Mpatseni munthu ameneyu K1,000, nkumuuza kuti caka camawa mudzamdula K1,100. Kwa iye imeneyo ndi nkhongole yochipa imene sakanaipeza kwina kulikonse, ndipo adzagulira fataleza mawa lomwe.

Cina ndi cakuti wolandira ndi wolipira nthawi zambiri si munthu mmodzi. Amene wapepukidwa lero angakhale wa pa nchito ya malipiro, pomwe nkhongoleyo idzabwezedwa pakapita zaka khumi kudzera mu msonkho wa pa mafuta ndi katundu wa m'sitolo, umene amalipira ngakhale wa kumudzi. Nanga wolandirayo asungirenji? Ricardo mwini wake anakayikira zoti anthu amawerengera msonkho wa m'tsogolo motere.

Tisawalande otsatira a Barro conse. Ku Amereka gawo lina la ndalama zija linasungidwadi kapena kubwezera nkhongole, makamaka m'mabanja opeza bwino. Ndipo pa mfundo yakuti nkhongole ya Boma imadzabwera pakhomo, sananame: dziko lathu la Zambia linalephera kulipira ena mwa okongoza ake akunja mu Novembala 2020, ndipo kukambirana za nkhongoleyo kunatenga zaka.

Conco aphungu akabwera ndi lonjezo lakuti kutsitsa msonkho kudzayendetsa malonda, tiwafunse kuti msonkho wake ndi uti, ndipo opepukidwa ndani. Ngati ndi a malipiro apamwamba, zambiri zidzagona kubanki. Ngati ndi osowa pokongola, zidzafika pamsika msanga. Tiwafunsenso kuti nkhongoleyo idzabwezedwa caka citi, ndi msonkho wa yani.