Mwini okala sagula mawatsi

Amalonda anzathu, tisiye kuwerengera eni maokala zolembedwa pakatoni. Tavutika ndi katundu kuchokera ku Kariakoo, tagona pa Songwe, ndiye tikafika tizingoti "babu ili ndi la 12W, lili ndi batire m'kati"? Mayi ogulitsa shuga ndi sopo, 12W apanga nayo chiyani?

Tiwauze kuti magetsi akathima 6 koloko, anzawo akutseka, iwo agulitsabe mpaka cha m'ma 8, nthawi imene oweruka kuntchito amagula buledi ndi mafuta. Chenji aziwerenga poyera, ndipo ya makandulo itsala m'thumba.

Ena amati kutchula manambala kumaonetsa kuti katundu ndi orijino. Bodza limenelo. Katoni imatha kulemba maola 4, babu n'kuzima pa awiri. Tichaje limodzi, tiliyatse, tiwerenge nthawi tokha, kenako tilonjeze zimene taona basi. Tiwauzenso kuti limachaja magetsi akakhalapo, swichi ili yoyatsa. Tikabisa zimenezi, mawa atiimbira kuti tawagulitsa lakufa, ndipo katoni yachiwiri satenga. Kumene magetsi sanafike, tisawakakamize. Tiwapatse nyale ya sola.