Kukoma si kukhoma, koma kulira ndi kulila n'chimodzi

Awerengi, mlungu uno tiyambe ndi funso limene aphunzitsi a m'makalasi oyambirira amakumana nalo akamachonga makope. Ana awiri alemba ziganizo. Woyamba walemba kuti "Mwana akulila." Wachiwiri walemba kuti "Bambo akukoma msomali." Onse aphwanya malamulo a kalembedwe, ndipo onse alandira cholemba chofiira. Kodi zolakwa ziwirizi n'zofanana?

Ine ndikuti sizofanana. Mwana woyamba wamva bwino Chichewa, kungoti sanaloweze lamulo. Wachiwiri wasintha tanthauzo, pakuti walemba mawu ena m'malo mwa amene amafuna. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene akatswiri a zinenero amazisiyanitsa: liwu ndi fonimu. M'nkhani ino ndikati liwu ndikunena kamvekedwe kamodzi kotuluka pakamwa, monga amanenera aphunzitsi akamaphunzitsa maliwu. Ndikati mawu ndikunena zinthu ngati nyumba, kulima kapena mwana.

Liwu ndi chimene khutu lamva. Maliwu ndi ochuluka zedi, chifukwa lilime siligunda malo amodzimodzi nthawi zonse. Tayesani kutchula kiyi kenako kuno, pang'onopang'ono, mukumvetsera pamene msana wa lilime ukukhudza. Pa kiyi lilime likukhudza chakutsogolo, pa kuno likukhudza chakumbuyo, milomo itayamba kale kusongoka. Amenewa ndi maliwu awiri osiyana. Komabe palibe Mchewa amene anganene kuti muli ma k awiri. Kwa ife ndi chinthu chimodzi, ndipo chinthu chimodzicho ndiye fonimu.

Fonimu tsono ndi gulu la maliwu amene eni chinenero amawatenga ngati amodzi, ndipo ntchito yake ndi kusiyanitsa mawu ena ndi anzake. Zili ngati ndalama ya pepala ya K1,000. Ina ndi yatsopano, ina yakwinyika ndipo yada, koma pagolosale zonse zigula katundu wofanana. Mukapereka ya K500, ngakhale ikhale yonyezimira bwanji, wogulitsa akuuzani kuti ndalama yaperewera. Kukwinyika kuja ndi kusiyana kwa maliwu chabe, pamene kusiyana kwa K500 ndi K1,000 ndiko kusiyana kwa mafonimu.

Nanga tingadziwe bwanji kuti maliwu awiri ndi mafonimu awiri kapena ndi fonimu imodzi yovala malaya awiri? Njira yake ndi yapafupi, ndipo siifuna makina. Katswiri wa ku Russia, Nikolai Trubetzkoy, anaifotokoza mwadongosolo m'buku lake limene linatuluka mu 1939. Mumafunafuna mawu awiri enieni a m'chinenerocho amene akufanana ponseponse kupatula malo amodzi okha. Pamalo amenewo mawu ena ali ndi liwu loyamba, enawo ali ndi liwu lachiwiri. Kenako mumafunsa mwini chinenero ngati tanthauzo lasintha. Likasintha, maliwuwo ndi mafonimu awiri. Mawu awiri otere tiziwatcha mapasa.

Tiyese ndi kukoma ndi kukhoma. Onse akuyamba ndi ku, onse akutha ndi oma. Asiyana pakati pokha. Ikani chikhatho pafupi ndi pakamwa n'kutchula onse awiri. Pa kukoma simumva kanthu, koma pa kukhoma kampweya kakuwombani m'manja. Kampweya kameneka kakusintha tanthauzo: ndiwo zimakoma, msonkho timakhoma. Mapasa ena akuvomereza zomwezo. Mtambo umakuta phiri, munthu amakhuta nsima. Minga imakala mwendo, mlendo amakhala pampando. Choncho k ndi kh ndi mafonimu awiri m'Chichewa. Tikawonjezerapo kugoma, taona kuti g ndi fonimu yachitatu, chifukwa kukoma, kukhoma ndi kugoma ndi nkhani zitatu zosiyana.

Kampweya komweka kamagwiranso ntchito pa p. Mnyamata akhoza kuponya mwala n'kuphonya mbalame. Chotsani kampweyako, ndiye kuti mwanena kuti anaponya mbalame.

Njira yomweyi imatiwerengera ngakhale mafonimu a malembo a liwu. Tengani kupata, kupeta, kupita, kupota ndi kuputa. Munthu amapata chuma, amapeta mphale, amapita kumunda, amapota chingwe, amaputa mnzake. Tangosintha malo amodzi kasanu ndipo tapeza matanthauzo asanu. Umenewu ndi umboni wakuti a, e, i, o ndi u ndi mafonimu asanu, osati chifukwa aphunzitsi anatero, koma chifukwa chinenero chokha chikuchitira umboni.

Tsopano tiyese l ndi r. Funafunani mawu awiri a Chichewa amene asiyana tanthauzo chifukwa ena ali ndi l pamene ena ali ndi r. Mukhoza kufufuza mpaka dzuwa kulowa, simuwapeza. Wina akati mbili, wina mbiri, onse anena chinthu chimodzi. Wina akati kulela mwana, wina kulera mwana, mwanayo ndi yemweyo. Mapasa palibe. M'malo mwake tikupeza kuti malembo awiriwa anagawana malo. Malamulo a kalembedwe amene Bodi ya Chichewa inakhazikitsa m'zaka za m'ma 1970 amati tilembe r pambuyo pa i kapena e m'kati mwa tsinde la mawu, ndipo l tilembe m'malo ena onse. N'chifukwa chake timalemba kugula koma kugulira, kutola koma kutolera. M'mawu akuti kugulira, l watsatira u ndipo r watsatira i. Tsinde likamayamba timasiya l ngakhale kumbuyo kuli i, monga mu chilonda kapena tilembe.

Taonani kusiyana kwake. Mukandibisira lembo lapakati pa ku ndi oma, sindingalote ngati mukufuna k, kh kapena g, mpaka mutandiuza nkhani yonse. Koma mukandibisira l kapena r, ndingoyang'ana lembo lakumbuyo n'kukuuzani. Chinthu chimene chingalotedwe chotere sichinyamula uthenga. Ndiye kuti l ndi r m'Chichewa ndi fonimu imodzi, ndipo anthu ambiri poyankhula satsata n'komwe lamulo lija: nsonga ya lilime imangogunda msanga kuseri kwa mano, liwu n'kutuluka la pakatikati.

Apa mpamene pagona nkhani: fonimu ndi ya chinenero chimodzi, siyendera dziko lonse. Chingerezi chinagawa maliwu omwewa mosemphana ndi ife. Kwa Mngerezi, l ndi r ndi mafonimu awiri ndipo mapasa ake ndi ambirimbiri. Mawu awo otanthauza kusewera ndi otanthauza kupemphera asiyana pa l ndi r pokha. Chimodzimodzinso mawu otanthauza galasi ndi otanthauza udzu. Mmalawi akasokoneza mawu amenewa, vuto si lilime lolemera kapena kuchepa nzeru. Khutu lake linaphunzira ali khanda kuti kusiyana kumeneku n'kopanda ntchito, ndipo linasiya kukusamala.

Mngerezi naye ali ndi pake pogwera. Kwa iye k ndi kh ndi fonimu imodzi. Kumayambiriro kwa mawu amatulutsa kampweya, koma pambuyo pa s sakatulutsa, ndipo iye sadziwa kuti akuchita zimenezi. Umboni uli m'mawu amene tinabwereka. Tili ndi khoti ndi khadi, koma sukulu ndi siketi. Tili ndi phini, koma supuni. Tili ndi thayi ndi thawulo, koma sitolo ndi sitampa. Pamene Mngerezi ankaganiza kuti akutchula chinthu chimodzi, makutu a Achewa anamva ziwiri ndipo anazisunga zosiyana. Si mawu onse obwereka amene anatsata njirayi, pakuti tili ndi kapu ndi tiyi opanda kampweya, koma mzerewo ukuoneka. N'chifukwa chake mlendo wophunzira Chichewa amatha kuuza mayi amene amuphikira kuti ndiwo zawo zakhoma.

Pofunafuna mapasa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kuwerenga malembo m'malo momvera maliwu. Mawu akuti kukoma ali ndi malembo 6, akuti kukhoma ali ndi malembo 7, koma onse ali ndi mafonimu 6, chifukwa h uja sayima payekha, amangosonyeza kampweya. Kumbali ina, kukoma ndi kugona si mapasa ngakhale akumveka mofanana, popeza asiyana malo awiri, ndipo sitingadziwe kuti tanthauzo lasintha chifukwa cha malo ati.

Msampha wachiwiri ndi wakuti pepala limabisa zina. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timaulemba mofanana, koma pakamwa ndi yosiyana. Pa mtengo womera mawu amakwera pa te, pa mtengo wa malonda sakwera. Amenewanso ndi mapasa, ndipo akutiuza kuti kukweza ndi kutsitsa mawu kumasiyanitsa tanthauzo m'Chichewa ngakhale kalembedwe kathu sikaonetsa. Choncho poyesa mapasa atchuleni mokweza, musangowayang'ana.

Zonsezi zili ndi phindu m'kalasi. Mwana amene amasiya h mu kh, ph ndi th safunika lamulo. Khutu lake limadziwa kale kusiyanitsa, chimene sanagwire ndi chakuti kampweya kali ndi chizindikiro chake. Mupatseni kachidutswa ka pepala agwire pafupi ndi milomo, atchule kuponya ndi kuphonya, aone pamene pepala lagwedezeka, ndipo alembe h pamenepo. Koma wosokoneza l ndi r mukamuuza kuti amvetsere bwino mukungomuzunza, chifukwa m'Chichewa mulibe choti amve. Iyeyo muuzeni ayang'ane lembo lakumbuyo. Ikafika nthawi ya Chingerezi zinthu zimatembenuka: pamenepo mpofunika kuyamba ndi khutu, kumutchulira mapasa a l ndi r mobwerezabwereza kuti aziloza chithunzi cha galasi kapena cha udzu, asanayambe kutchula yekha.

Ntchito ya kunyumba nayi, awerengi. Tapeza mapasa a k ndi kh, ndiponso a p ndi ph. Ndani angatipezere mawu awiri enieni osiyana pa t ndi th pokha? Kumbukirani kuwatchula mokweza kuti mutsimikize kuti sanasiyanenso pokweza ndi potsitsa mawu. Tilembereni, ndipo amene akhoze tidzawasindikiza patsamba lino.