Ndime ya kumapeto kwa pangano ndiyo imasankha bwalo

TETE — Eni malole, ophika chakudya ndi amisiri amene amagwira ntchito ndi makampani a malasha ku Moatize amakonda kuwerenga mtengo ndi tsiku la malipiro, basi n'kusaina. Ndime yonena za kumene mkangano ukaweruzidwe imakhala kumapeto, ndipo ambiri saiyang'ana n'komwe. Nkhani ya njanji ya ku Macuse iyenera kuwatsegula maso.

M'chaka cha 2011 kampani ya ku India, Patel Engineering, idasainirana chikalata ndi unduna wa zamtengatenga pa ganizo lomanga njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kukafika kunyanja ku Macuse, m'chigawo cha Zambezia. Mu 2013 boma lidapereka ntchitoyo kwa kampani ya ku Thailand. A Patel adati alandidwa zawo.

Mu 2020 mkangano umodziwo udabala milandu iwiri. A Patel adapita kwa oweruza apadera potsata pangano loteteza chuma la pakati pa India ndi Mozambiki. Boma lidakatula nkhani yomweyo kwa oweruza a bungwe la zamalonda la ICC, ponena kuti ndiwo amene chikalata cha 2011 chidatchula. Chinanso, mbali ziwirizo sizidagwirizane ngakhale pa mawu a chikalatacho, chifukwa cha m'Chipwitikizi ndi cha m'Chingerezi zidasiyana penapake. Mu 2024 oweruza amene a Patel adapitako adagamula kuti alibe mphamvu yomva mlanduwo. Zaka pafupifupi zinayi zidathera pakhomo la bwalo.

Izi sizikutanthauza kuti njirayi, imene m'Chipwitikizi amati aribitiraje, ndi yoipa. Lamulo nambala 11/99 la pa 8 Julaye 1999 lidalola anthu amene akuchita malonda kudzisankhira owaweruza m'malo mopita kutiribunale ya boma. Woweruza akhoza kukhala mmodzi, kapena atatu, ndipo angathe kukhala munthu wodziwa za malole kapena za zomangamanga. Nkhani imamvedwa mwachinsinsi, osadikira pamzere wa milandu ya mbava ndi ya maukwati.

Koma chilolezocho chiyenera kukhala cholembedwa, kaya ngati ndime ya m'pangano mkangano usanabuke, kaya ngati chikalata chapadera utabuka kale. Ndipo amene wasaina wadzitsekera khomo lina. Akakasuma kutiribunale ya mumzinda wa Tete, mnzake amangoonetsa ndimeyo, woweruza wa boma n'kuwabweza.

Apa ndi pamene wamng'ono amapwetekeka. Mwachitsanzo, mwini malole awiri wa ku Matundo sanalipidwe mametikali 800,000. Pangano lake likuti oweruza akhale atatu, mlandu ukamvedwe ku Maputo, m'Chingerezi. Oweruza otere salipidwa ndi boma, amalipidwa ndi eni mlandu. Akawerengera malipiro awo, a adivogadu, a womasulira, ulendo ndi malo ogona, munthuyo amangosiya ngongoleyo. Kampani yaikulu imadziwa zimenezi polemba ndimeyo. Choncho wamalonda wa ku Tete ali ndi chifukwa chokakamira zinthu zochepa asanasaine: woweruza akhale mmodzi, mlandu umvedwe ku Tete, m'Chipwitikizi, ndipo ngati pangano lili m'zinenero ziwiri, litchule kuti cholamulira ndi chiti. Zimenezi zimanenedwa anthu akadasekererana. Zikavuta palibe amalola.

Chigamulo chikatuluka chimakhala ndi mphamvu ngati cha tiribunale. Wogonja sangakadandaule kuti oweruza adalakwitsa kuwerengera matani kapena makilomita. Angathe kungopempha kuti chigamulocho chifafanizidwe, pasanathe masiku 30, pa zifukwa zochepa, monga kuti sadapatsidwe mpata wodziteteza kapena kuti oweruza adagamula zimene sadapatsidwe.

Komabe oweruza odzisankhira alibe apolisi. Wogonja akakana kulipira, wopambana amanyamula pepala lake kupita kutiribunale ya boma yomwe ija, kuti ilande katundu kapena itseke ndalama kubanki. Chigamulo cha kunja kwa dziko chili ndi ulendo wautali kuposa apo: chiyenera kuyamba chavomerezedwa ndi bwalo lalikulu la Tribunal Supremo ku Maputo. Mozambiki idalowa m'pangano la ku New York lolemekezerana zigamulo zotere mu 1998.

Panganolo limathandizanso wa ku Tete kampani ikathawitsa makina ake kudzera pa Zobue kapena pa Cuchamano. Zimbabwe idalowamo mu 1994, Malawi mu 2021, kotero chigamulo cha ku Tete chingathe kulondola katunduyo ku Harare kapena ku Blantyre. Koma kumeneko kumafunikanso adivogadu wina, ndipo ku Blantyre kapena ku Harare pepala la m'Chipwitikizi liyenera kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka bwalo lisanaliwerenge.