Tchuthi cha wachipatala chisathere pa WhatsApp

Ndili pa tchuthi chaka chatha, uthenga unandipeza kumunda: "Adokotala, mwana wa malungo uyu timubaye mlingo wanji?" Ndinayankha mwachangu. Nditabwerera kuntchito ndinapeza kuti sikelo yomwe anandiuza inali ya ulendo wapitawo. Mwanayo anachira, koma mankhwala ndinalamula kwa wodwala yemwe sindinamuone.

Lamulo la ntchito la 2000 limapereka masiku 18 a tchuthi pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata. Kuno kwa Kachindamoto, m'zipatala zazing'ono za ku Golomoti ndi Mtakataka, ogwira ntchito ndi ochepa, ndiye kuzimitsiratu foni n'kovuta. Komatu munthu wotopa, wopanda buku la wodwala m'manja, ndi amene amalakwitsa.

Ine tsopano ndisanachoke ndimakhala pansi ndi akuluakulu anga n'kulemba pepala limodzi. Timatchula mnzanga wotsala m'malo mwanga, ndipo funso lililonse la mankhwala kapena malipoti limapita kwa iyeyo. Zikamukulira, atumize wodwalayo ku Mua kapena ku Dedza, osati kudikira ine.

Wondiimbira ndi mmodzi yekha, ndipo aimbe, asalembe, chifukwa uthenga umatha kugona netiweki ikavuta. Zifukwa zake tinagwirizana ziwiri: kolera akabuka ngati mu 2022, kapena ngozi ya anthu ambiri pamsewu wa M5. Akandiitana pa zimenezi ndimapita, ndipo masiku otayikawo amalembedwa kuti ndidzapume.

Makiyi a kabati ya mankhwala ndimasiya tsiku lomwelo, posainirana.