Lipoti la Gulu: Kugawana Mitu Kokha Sikukwanira

Anzanga a Fomu 3 amene mwapatsidwa lipoti la gulu la Hisitole temu ino, ndikudziwa zomwe muchite mukangotuluka m'kalasi. Mukhala pansi pa mtengo, mugawana mitu, wina atsegula Google Docs pa foni ya achimwene ake n'kutumiza linki, kenako wina anena kuti, "Basi, aliyense alembe gawo lake, tionana tsiku lopereka." Ifenso tidachita zomwezo, ndipo lipoti lathu lidabwezedwa. Maganizo anga ndi akuti kugawana kotereku n'kolakwika, ngakhale aliyense m'gulumo atakhala wolimbikira.

Tinalipo asanu ndi mmodzi, mutu wathu unali kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915. Aliyense adalembadi gawo lake. Koma pa tsamba loyamba padalembedwa kuti kuukirako kudayamba pa 15 Januwale, pomwe pa tsamba lachinayi padalembedwa 23 Januwale. Wa pa tsamba lachinayi ndiye adalondola: zidayamba usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915. Mnzathu winayo adangotenga tsiku la tchuthi chokumbukira Chilembwe, poganiza kuti ndi tsiku lomwelo. Choseketsa kwambiri chinali m'mawu omaliza, momwe mudalembedwa kuti anthu a Chilembwe adapha David Livingstone. Aphunzitsi adazunguliza ndi bolopeni yofiira n'kufunsa kuti munthu womwalira mu 1873 adaphedwanso bwanji mu 1915. Wophedwa ku Magomero anali William Jervis Livingstone, manijala wa minda ya A. L. Bruce. Wolemba mawu omalizayo sadali mbuli ayi. Adalemba gawo lake ena onse asanalembe, chifukwa tonse tinali ndi tsiku limodzi lomalizira, ndiye analibe choti awerenge.

Zolakwa ziwirizi zinali m'dokumenti momwemo kwa masiku angapo, poyera, aliyense akadatha kuziona. Palibe adaziona chifukwa aliyense amatsegula, kupita pa mutu wake, kulemba, kutseka kuopa bandulo. Dokumenti yogawana imakupusitsa kuti mukugwirira limodzi, pomwe aliyense ali m'munda mwake.

Aphunzitsi adatipatsa masabata atatu kuti tilembenso. Chinthu choyamba chomwe tidasintha n'chakuti palibe adaloledwa kulemba ndime ngakhale imodzi sabata yoyamba isanathe. Pamwamba pa dokumenti tidaika tebulo la mfundo zomwe tonse tigwiritse ntchito: chaka, chomwe chidachitika, buku ndi tsamba lomwe tachipeza. Mudalowa zinthu monga kufika kwa Joseph Booth mu 1892, ulendo wa Chilembwe wa ku Amereka mu 1897, kubwerera kwake mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndi imfa yake pa 3 Febuluwale 1915. Tidagwirizananso kalembedwe ka mayina, kuti wina asamalembe PIM pomwe dzina lonse silinatchulidwe paliponse. Lamulo linali limodzi: chaka kapena dzina lomwe mulibe m'tebulo lisalowe m'lipoti. Ukapeza latsopano, uyambe waliika m'tebulo pamodzi ndi buku lake. Ntchito yosunga tebuloli tidampatsa yemwe uja wa David Livingstone, chifukwa ndiye amadzalembanso mawu oyamba ndi omaliza, ntchito yomwe singayambike ena asanamalize. Motero sabata yoyamba adali ndi chochita, ndipo pofika polemba mawu omaliza zaka zonse adali atazidziwa pamtima.

Za kagawidwe ka mitu, ndikutsutsana ndi amene amati chilungamo n'chakuti aliyense atenge mutu umodzi. Mitu sifanana kulemera. Ubwana ndi maphunziro a Chilembwe ndi nkhani yoyenda mwandondomeko, ndime zitatu zakwana. Koma zifukwa za kuukira ndi katundu wolemera. Muli thangata, momwe anthu okhala pa minda ya azungu amagwira ntchito m'malo mwa lendi. Muli msonkho wa nyumba. Muli kuotchedwa kwa matchalitchi a PIM pa minda ya Bruce. Muli nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi kalata yomwe Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosakhala yawo. Ndipo sikungozindandalika, uyenera kufotokoza kuti chachikulu n'chiti ndipo chifukwa chiyani. Pamenepa ndi pomwe pali malikisi. Ulendo woyamba tidasiyira munthu mmodzi, adalemba mizere isanu ndi itatu. Ulendo wachiwiri tidaikapo awiri: wina za minda ndi msonkho, wina za nkhondo ndi tchalitchi. Wachinayi adatenga zochitika kuyambira pa 23 Januwale mpaka pa 3 Febuluwale, wachisanu zotsatira zake ndi komiti yofufuza yomwe boma lachitsamunda lidakhazikitsa. Ine ndidatenga mutu wopepuka uja wa ubwana, koma ndi katundu wowonjezera: kutayipira anzathu awiri omwe alibe foni.

Izi za kutayipa musazinyoze. Pa anthu asanu ndi mmodzi, mafoni otha kutsegula dokumenti analipo atatu, ndipo imodzi inali ya amalume a mnzathu, yopezeka madzulo okha. Kutayipa masamba awiri a m'kope pa foni kumanditengera pafupifupi maola awiri. Ngati gulu siliwerengera zimenezi ngati ntchito, mwini foni amasenza kawiri, ndipo wopanda foni amaoneka ngati mlesi. Choncho anzathu awiriwo tsiku lawo lomalizira linali masiku awiri patsogolo pa ena: amandipatsa pepala Lachitatu kuti pofika Lachisanu likhale litalowa.

Tsopano za masiku. Tsiku lomwe aphunzitsi anena ndi lopereka, si lomalizira kulemba. Tidayambira pa tsikulo n'kumawerenga chobwerera m'mbuyo. Kupereka kunali Lachisanu la sabata yachitatu. Aphunzitsi amafuna lipoti losindikiza, ndipo kosindikiza n'kumsika, komwe magetsi akazima palibe chochitika. Ndiye kusindikiza tidakuika Lachitatu, kuti zikakanika tikhale ndi Lachinayi. Kuti tisindikize Lachitatu, kuwerenga lipoti lonse limodzi kudayenera kuchitika Lolemba, Lachiwiri likhale lokonza zolakwa. Kuti tiwerenge Lolemba, wa mawu oyamba ndi omaliza amafunika Loweruka ndi Lamulungu. Choncho mitu yonse idayenera kutha Lachisanu la sabata yachiwiri. Mwaona? Pa masabata atatu aja, nthawi yeniyeni yolemba ndi sabata imodzi yokha. Titawerenga chonchi wina adati, "Aaa, ndiye tachedwa kale eti?" Linali tsiku loyamba.

Kunena kuti "Lachisanu" sikukwanira. Kwa ena Lachisanu limatha 12 koloko usiku, kwa ena limafika mpaka Lolemba m'mawa. Ife tidalemba kuti Lachisanu 6 koloko madzulo. Tidalembanso tanthauzo la mawu akuti "ndamaliza": ndime zonse zili m'dokumenti pansi pa mutu wako, zaka zikugwirizana ndi tebulo, buku lomwe wagwiritsa ntchito lalembedwa. Zili m'kope kunyumba sizinathe. Zili pa foni sizinathenso. Mukaika dokumenti pa Make available offline mutha kulemba popanda netiweki, zomwe zimapulumutsa bandulo, koma anzanu saona kanthu mpaka mutayatsa deta kuti zolembazo zikwere. Mnzathu wina adalumbira kuti adalemba, ife tikuona tsamba loyera. Onse timanena zoona. Kuyambira pamenepo, womaliza amapempha mnzake atsegule pa foni ina n'kutsimikiza kuti akuziona.

Chinanso chomwe chidathetsa mikangano ndi lamulo lakuti usafufute za mnzako. Tonse tinali Editor, kutanthauza kuti aliyense atha kusintha chilichonse, ndipo ulendo woyamba wina adachotsa ndime yonse ya mnzake poti Chingerezi chake sichidamsangalatse. Padatsala pang'ono kuti pachitike ndewu. Ulendo wachiwiri, ukaona cholakwika m'gawo la wina umasiya ndemanga pambali, kapena kusintha uli pa Suggesting kuti mwini wake avomere kapena akane. Lolemba la kuwerenga limodzi lisanafike, aliyense adapatsidwa gawo la mnzake kuti aliwerenge: wa zochitika adawerenga zifukwa, wa zotsatira adawerenga zochitika. Ndi mmene tidagwirira kuti gawo lina limati Booth adali nawo pa kuukira, pomwe panthawiyo adali atachoka kalekale m'dziko muno.

Ena a inu munena kuti zonsezi n'zochuluka, lipoti la masamba asanu ndi limodzi silifuna malamulo ngati a boma. Ena mudzati, ndani adakusankha iwe kukhala kapitawo? Funso lachiwirili ndi lomveka, ndipo n'chifukwa chake masiku asaikidwe ndi munthu mmodzi. Aliyense anene yekha tsiku lomwe angakwanitse, pamaso pa onse, lilembedwe pambali pa dzina lake m'dokumenti momwemo, osati pa gulu la WhatsApp pomwe mauthenga amakwiririka. Mnzathu wina amapita kudimba Loweruka lililonse, wina amapemphera tsiku lomwelo, adanena, tidasintha. Munthu akadzisankhira tsiku, kumukumbutsa sikukhala kumulamula.

Nanga wina akaphonya? Musayembekeze zichitike kuti muyambe kuganiza. Ife tidagwirizana poyambirira kuti wochedwa ali ndi tsiku limodzi lowonjezera, bola anene nthawi isanakwane. Likadutsa, amene amayenera kuwerenga gawo lakelo ndiye amalilemba, ndipo m'tebulo timalemba zomwe zachitika. Kuchotsa dzina la munthu pa lipoti si ntchito yathu, timapita nazo kwa aphunzitsi.

Apa ndikuchenjezeni za Version history, chifukwa ndamva ena akuitama ngati mboni yosanama. Zoona, pa kompyuta mukapita pa File kenako Version history mumaona yemwe adasintha chiyani ndi nthawi yake, ndipo mutha kubweza zomwe zafufutika. Koma imaonetsa akaunti, osati munthu. M'lipoti lathu imaonetsa kuti ine ndidalemba theka la lipoti, anzathu awiri sadalembe kanthu, ndipo amalume a mnzathu, omwe sadziwa n'komwe kuti kuli lipoti, adalemba za thangata. Mukaigwiritsa ntchito poweruza ulesi, mudzaweruza opanda mafoni. N'chifukwa chake mapepala olemba pamanja a anzathu awiri aja ndidawasunga, ndipo popereka lipoti tidawamangirira kumbuyo kwake, lililonse lili ndi dzina la mwini wake ndi tsiku lomwe adandipatsa.

Lachitatu lija magetsi adazimadi kumsika. Tidasindikiza Lachinayi masana.