Uthenga umene ndinaulemba kanayi

Mnzanga wa pamtima, amene tinkagona chipinda chimodzi kusekondale, akukwatiwa mwezi wamawa. Komiti ya ukwati wake inandipatsa ntchito imodzi: kugula nsalu ya atsikana asanu ndi mmodzi operekeza mkwatibwi, mamita 4 aliyense, n'kukaisiya kwa telala amene ananeneratu kuti akufuna masabata atatu osokera. Ndinavomera pamaso pa anthu, ndalama ndinalandira. Kenaka mayi anga anadwala kumudzi, ndinanyamuka usiku, ndipo misonkhano itatu ya Lamulungu inadutsa ine osatumiza ngakhale liwu. Foni inali m'manja mwanga masiku onsewo. Tsiku lililonse limene ndinakhala chete linkawonjezera manyazi oyimbira tsiku lotsatira.

Nditabwerera ku Blantyre ndinayamba kulemba uthenga wopepesa. Woyamba unali wautali, wodzaza za kuchipatala, ndipo nditauwerenga ndinaona kuti ndikumupempha iyeyo kuti andimvere chisoni. Wachiwiri unali ndi mawu akuti "ngati ndakukhumudwitsa". Ndinaufufuta, chifukwa "ngati" ameneyo ndi bodza: ndinkadziwa kuti ndamukhumudwitsa. Wachitatu unkalonjeza kukonza zonse, chikhalirecho madzi akatayika saoleka. Nsalu anali atakagula kale mng'ono wake ku Limbe ndi ndalama zobwereka, mtundu umene mkwatibwi anasankha utatha m'sitolo.

Umene ndinatumiza ndi uwu: "Mnzanga, ndakulakwira. Ndinalonjeza za nsalu, sindinachite, ndiponso ndinakusiya masabata atatu osakuuza kanthu, mpaka unachita manyazi pamaso pa komiti. Amayi anadwala, koma zimenezo sizinandiletse kukuyimbira. Ndalama zonse ndatumiza kwa msungichuma m'mawa uno. Ndikupempha kubwera Loweruka kudzapepesa pamaso, kwa iwe ndi kwa amayi ako. Ngati sunakonzeke kundiona, ndidikira."

Ndalama ndinabweza ndisanalembe, ndipo ndinachita dala. Pa ukwati, munthu akasowa ndi ndalama za komiti, anthu saganiza za matenda. Amanong'onezana, ndipo amene amayankha mafunso a akuchimuna ndi mkwatibwi amene anakutchula kuti ndiwe wodalirika. Za matenda ndinazipatsa chiganizo chimodzi chokha, popeza ayenera kudziwa chifukwa, koma chifukwacho chisaphimbe mlandu. Ndipo sindinafunse ngati ndikadali mu komiti. Funso limenelo likanamusenzetsa katundu wina pa nthawi imene ali kale ndi holo yosalipira ndi makadi osagawa.

Anayankha patapita masiku awiri. Anafunsa kaye za amayi, zimene zinandiliza, kenaka n'kuti ndibwere Loweruka masana. Ndinapita nditavala chitenje, ndinakhala pamkeka, ndipo mayi ake anandilankhula kwa nthawi yaitali ine nditazolika. Mnzangayo sananene zambiri. Potuluka anandipatsa makadi 40 oti ndikagawe ku Ndirande ndi ku Chilomoni, n'kunena kuti Lachitatu ndimuyimbire kumuuza amene alandira.