Malaya a pa Chithunzi Sapima Chiuno

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2025, kampani ya Google idalengeza kuti munthu wogula zovala pa intaneti ku Amereka angathe kutumiza chithunzi chake chathunthu, ndipo makina adzamuonetsa atavala malaya amene waona m'sitolo. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mu Juni 2023, kampani yomweyo idali itayamba kuonetsa mabulauzi a akazi pa matupi a anthu osiyanasiyana msinkhu ndi kunenepa. Lero njira zotere zafika m'mafoni wamba, kotero kuti telala kapena wogulitsa kaunjika angathe kutenga diresi la pa chithunzi china nkuliveka kasitomala amene sadalikhudzepo. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti makinawo adula diresilo pa chithunzi choyamba nalimata pa chachiwiri. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo kulakwa kwake kungataitse munthu ndalama ngakhalenso mbiri yake.

Njira zoyamba, monga imene idatchedwa VITON m'chaka cha 2018, zinkachitadi zofanana ndi kumata: zinkakoka ndi kupinda chithunzi cha chovala kufikira chitagwirizana ndi mapewa a munthu. Koma chiyambire 2022, pamene pulogalamu ya Stable Diffusion idaperekedwa poyera, ntchitoyi idasintha. Tsopano makina amafafaniza mbali ya chithunzi cha munthuyo, nayamba kujambula mwatsopano kuchokera pa mawangamawanga opanda tanthauzo, pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 kapena 30. Chithunzi cha chovala chimangokhala chitsanzo choyang'anapo, monga momwe mwana wa sukulu ayang'anira mapu a pa bolodi pojambula ake m'kope. Mapu a mwanayo angafanane kwambiri ndi a pa bolodi, koma ngojambula iye mwini.

Chitsanzo chimodzi chingathandize. Telala ali ndi chithunzi cha diresi lalitali la chitenje cha maluwa ofiira, lolembedwa mawu m'mphepete, lovalidwa ndi mtsikana wowonda. Kasitomala wake ndi mayi wojintcha amene watumiza chithunzi atavala bulauzi ya manja aafupi ndi siketi. Choyamba telalayo ayenera kupaka malo onse ofunika kujambulidwanso. Akapaka bulauzi yokha, makina alibe kolowetsa diresi lalitali, ndipo amalidula m'chiuno nkulisandutsa bulauzi. Akapaka mowolowa manja kufikira zala, makina amajambulanso mikono ndi zalazo, ndipo mphete kapena chipsera cha mayiyo chimasowa. Chachiwiri ndi kusunga maimidwe a munthu. Chida chotchedwa ControlNet, chimene chidatuluka mu Febuluwale 2023, chimatsatira timizere tosonyeza pamene pali mapewa, zigongono ndi mawondo, kuti mkono umene udali pa chiuno ukhalebe pomwepo.

Chachitatu ndicho mtima wa nkhani yonse, ndiko kuonetsa makina diresilo. Chida chodziwika pa ntchito imeneyi ndi IP-Adapter, chimene akatswiri a kampani ya Tencent ya ku China adafalitsa mu Ogasiti 2023. Chidachi sichiona chithunzi monga achionera munthu. Chimayamba chachichepetsa kufika pa timadontho 224 m'litali ndi 224 m'lifupi, ndiye kuti timadontho toposa 50,000 pang'ono, pamene foni wamba imajambula timadontho mamiliyoni angapo. Kuchokera pa kachithunzi kameneko chimatenga mfundo zikuluzikulu zokha: kuti nsaluyo njofiira, ili ndi maluwa, kolala yake njozungulira. Tsono maluwa amatuluka pa thupi la mayi uja, koma si maluwa omwewo. Kukula kwake kumasintha, kutalikirana kwake kumasokonekera, ndipo mawu a m'mphepete amasanduka zilembo zopotoka zimene mphunzitsi aliyense angazichonge ndi cholembera chofiira.

Pali kachiwerengero kamene telala angakweze kapena kutsitsa, kolamula mphamvu ya chitsanzocho, kawirikawiri pakati pa 0 ndi 1. Akakatsitsa kwambiri, pamatsala mtundu wokha wa nsalu, ndipo makina amapeka diresi lawolawo. Akakakweza kwambiri, zinthu zina za pa chithunzi choyamba zimatsatira diresilo: khungu la mtsikana uja, kuwonda kwake, ngakhale mtundu wa khoma limene adaimapo. Nchifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba adula mutu ndi zonse zozungulira pa chithunzi cha chitsanzo, nkusiya chovala chokha.

Kunena zoona, njira zatsopano zopangidwira zovala zokha, monga ya Google ija ndi IDM-VTON imene idatuluka ku South Korea mu 2024, zimasunga maluwa ndi zilembo bwino koposa, popeza zimasanthula chovalacho pachokha mwatsatanetsatane. Vuto la maluwa likunka lichepa. Koma pali vuto lina limene luso lojambula silingalithetse: makina sadziwa muyeso. Chithunzi sichinena kuti diresi lili ndi mainchesi angati m'chiuno, kapena kuti mayiyo ali ndi angati. Sichinena ngati nsalu njolemera kapena yopyapyala, ngati imatamuka, ngati zipi ili kumbuyo. Makina adaphunzira pa zithunzi zambirimbiri za m'masitolo, momwe chovala chimamukhala bwino aliyense wochivala, choncho amajambula diresi lomukhala mayi wojintcha ngakhale lenilenilo silingapitirire pa mapewa ake. Kwa telala amene adzasoka latsopano atapima ndi tepi, chithunzicho nchothandiza pogwirizana za mtundu ndi masokedwe. Kwa wogulitsa chovala chosokasoka, chimene kukula kwake sikusintha, chithunzi chotere ndi lonjezo limene katunduyo sangalikwaniritse, ndipo wogula amene walipira pa foni asadayese ndiye amalira.

Palinso mbali yowawa koposa. Kuno kwathu chovala chimalankhula. Nsalu ya chipani, yunifolomu ya amayi a Mvano, malaya a polisi kapena a ndende, zonsezi zimauza anthu kumene munthu ali ndi chimene iye ali. Njira yomweyo yoveka kasitomala diresi ingathe kuveka mphunzitsi nsalu ya chipani chimene sadapiteko ku msonkhano wake, kapena kuveka mtsikana wa sukulu kachovala kochititsa manyazi. Popeza nkhope simakhudzidwa konse, achibale amamzindikira msanga, ndipo amakhulupirira. Zithunzi zabodza zakale zinkagwidwa pa khosi, pamene mutu udamatidwa pa thupi la wina. Zatsopanozi zilibe msoko wotero.

Komabe zizindikiro zilipo kwa munthu wofatsa. Wokayika akuze chithunzicho ayang'ane mawu ndi nkhope zosindikizidwa pa nsalu, aone ngati zili zofanana ponse pamene zabwerezedwa, pakuti pa chitenje chenicheni makina a ku fakitale sasintha duwa pakati pa ulendo. Ayang'ane pamene nsalu ikumana ndi khungu, m'khosi ndi m'mikono, ndiponso pamene dzanja kapena lamba wa chikwama adutsa pamwamba pa chovala, chifukwa pamenepo lamba amatha kuduka nkuyambiranso patsogolo. Aone ngati mthunzi wa pa chovala ukugwera mbali imodzi ndi wa pa nkhope. Zizindikiro zimenezi zikucheperachepera, ndipo chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimafika chitafota, kotero kuti zolakwa zimabisika. Umboni wolimba ndi chithunzi choyambirira. Munthu wonamiziridwa akatulutsa chithunzi chake chakale, momwe nkhope, maimidwe ndi khoma lakumbuyo zili chimodzimodzi koma malaya ndi ena, mkulu wa sukulu kapena komiti ya mpingo ingathe kuika zithunzi ziwirizo pamodzi nkuona chimene chidabadwa kuchokera ku chinzake.